Nyumba Yachisanu pa Tchati cha Kubadwa: Kodi Ana, Chibwenzi, Masewera ndi Luso Zinakumana Bwanji?

Munthu akaona tchati cha kubadwa kwake kwa nthawi yoyamba, chimene chimamuonekera ndi bwalo logawidwa m'magawo 12, longa gudumu la njinga lokhala ndi masipoko, ndipo m'magawo ena muli tizizindikiro ta mapulaneti pamene ena ali opanda kanthu. Magawo amenewa openda nyenyezi amawatcha nyumba. Nyumba yachisanu ndi imene anthu ambiri amathamangira kuiona, chifukwa amamva kuti imanena za ana, za chibwenzi, za masewera ndi za luso. Chisokonezo chimayambira pamenepo. Wina amapeza nyumbayo ilibe pulaneti n'kuyamba kuda nkhawa kuti sadzaona mwana, wina amauzidwa kuti ali ndi pulaneti ya Venasi m'nyumba yachisanu koma tchati china cha tsiku lomwelo chikumuika m'nyumba yachinayi, ndipo ambiri sadziwa chifukwa chimene zinthu zinayi zosiyana chonchi zinaunjikidwira malo amodzi. Nkhani ino ikufotokoza zimene openda nyenyezi amatanthauza, kumene maganizo awo anachokera, ndi pamene iwo eni komanso asayansi amasiyana maganizo.

Nyumba si chizindikiro

Pali magudumu awiri pa tchati, ndipo kuwasokoneza ndi gwero la zolakwika zambiri. Gudumu loyamba ndi zodiyaki, njira imene dzuwa limaoneka ngati likuyendamo chaka chonse, yogawidwa m'zizindikiro 12 za madigiri 30 chilichonse. Kagawidwe kameneka kanayambira ku Babulo cha m'zaka za m'ma 400 Khristu asanabadwe. Munthu akanena kuti iye ndi Mkango kapena Nsomba, zimene pa tchati zimalembedwa kuti Leo ndi Pisces, akungonena kumene dzuwa linali pa gudumu limeneli tsiku limene anabadwa, ndipo kuti adziwe zimenezi tsiku lokha ndi lokwanira.

Gudumu lachiwiri ndi la nyumba, ndipo ili limadalira ola ndi malo amene munthu anabadwira. Dziko lapansi limazungulira kamodzi pa maola pafupifupi 24, motero zizindikiro zonse 12 zimatulukira kum'mawa motsatizana tsiku lililonse, chilichonse n'kutenga maola awiri kapena kuposerapo pang'ono kapena kucheperapo, malinga ndi chizindikirocho komanso kutalika kwa malowo kuchokera ku ikweta, mzere wogawa dziko pakati. Digiri imene inali kutulukira kum'mawa pa mphindi imene mwana anabadwa imatchedwa chotulukira, ndipo pa tchati imalembedwa kuti Asc. Nyumba yoyamba imayambira pamenepo, ndipo zina zimatsatira kulowera pansi pa dziko, kukatulukira kumadzulo, n'kubwerera kudzera pamwamba pa mutu. Nyumba yachisanu ili pansi pa dziko, cha kumadzulo, kotero pulaneti imene ili m'menemo sinali kuoneka kumwamba pa ola limene munthuyo anabadwa. Njira yowerenga nyumba inakhazikika ku Iguputo m'nthawi ya ulamuliro wa Agiriki, m'zaka 200 zomaliza Khristu asanabadwe.

Tingayerekezere ndi sewero. Pulaneti ndi wosewera, chizindikiro ndi chovala ndi khalidwe limene wavala, ndipo nyumba ndi chipinda chimene seweroli likuchitikiramo. Venasi yemweyo, atavala mofananamo, amawerengedwa mosiyana akakhala m'chipinda cha ntchito ndi akakhala m'chipinda cha ana.

Chifukwa chimene akale anaitchulira Mwayi Wabwino

Olemba Achigiriki sankaitchula ndi nambala yokha. Anaipatsa dzina lakuti Agathe Tyche, kutanthauza Mwayi Wabwino, ndipo Aroma anamasulira kuti Bona Fortuna. Yachisanu ndi chimodzi, yoyandikana nayo, inali Mwayi Woipa, nyumba ya matenda ndi thukuta. Maina amenewa sanaperekedwe mwachisawawa, chifukwa anachokera pa lamulo la kuonana. Akale ankati nyumba imene yapanga ngodya yodziwika ndi chotulukira imachiona, ndipo imatha kuthandiza moyo wa munthuyo, pamene imene sinapange ngodya yotere ili ngati munthu wokhala kuseri kwa khoma. Nyumba yachisanu ili pa madigiri 120 kuchokera ku yoyamba, ngodya imene ankaiona kuti ndi yaubwenzi koposa zonse, pamene yachisanu ndi chimodzi ili pa madigiri 150 ndipo siiona yoyamba n'komwe.

Panalinso chiphunzitso chakuti pulaneti iliyonse mwa zisanu ndi ziwiri zimene zinkadziwika, kuphatikizapo dzuwa ndi mwezi, ili ndi nyumba imene imakondweramo. Venasi, nyenyezi yowala ija imene ikatuluka mbandakucha timaitcha nthanda, anapatsidwa nyumba yachisanu, ndipo Jupita anapatsidwa ya nambala 11 imene yayang'anizana nayo. Popeza Venasi ankaimira kukongola, chikondi, nyimbo, zokometsera ndi chisangalalo cha thupi, zinthu zimenezi pang'ono ndi pang'ono zinakhazikika m'nyumba imene iye amakondweramo. Ili ndiye yankho loyamba la funso lija: chimene chinamanga pamodzi ana, chikondi ndi masewera chinali ganizo la zabwino zimene moyo umapatsa munthu popanda kuzigwirira ntchito monga malipiro.

Ana: tanthauzo lakale koposa ndiponso lovuta koposa

Mwa matanthauzo onse anayi, la ana ndi limene lili ndi mizu yakuya. Firmicus Maternus, amene analemba m'Chilatini m'zaka za m'ma 300, ananena kuti m'nyumba imeneyi ndi mmene mumaonedwa chiwerengero cha ana ndiponso ngati adzakhala aamuna kapena aakazi. Ku India, kumene kupenda nyenyezi kumatchedwa jyotisha, nyumba yachisanu mpaka lero imatchedwa putra bhava, nyumba ya ana, ndipo Jupita ndi amene amaimira nkhani ya ana pa tchati chilichonse. Amwenye anawonjezapo nzeru zobadwa nazo komanso zabwino zimene amakhulupirira kuti munthu anachita m'moyo wam'mbuyo, zinthu zimene mabuku a Agiriki sanaike pamenepo.

Komabe ngakhale akale sanagwirizane onse, ndipo mfundo imeneyi imaiwalika kawirikawiri. Tolemi wa ku Alesandriya, amene buku lake la Tetrabiblos la m'zaka za m'ma 100 linalemekezedwa kwa zaka zoposa 1,000, pa nkhani ya ana ankayamba kuyang'ana pamwamba penipeni pa tchati ndi malo otsatira pamenepo, kutanthauza nyumba ya nambala 10 ndi ya nambala 11, ndipo ankatsikira ku malo oyang'anizana nawo, yachinayi ndi yachisanu, pokhapokha ngati kumwambako kulibe pulaneti yonenapo kanthu. Iye ankati mwezi, Jupita ndi Venasi ndi opereka ana, dzuwa, Mazi ndi Sateni amasonyeza ana ochepa kapena kusowa ana, ndipo Mekyuli amatengera khalidwe la pulaneti imene wagwirizana nayo. Choncho munthu wonena kuti nkhani ya ana yakhala ya nyumba yachisanu yokha kuyambira kalekale akunena zoposa zimene mabuku akale amasonyeza.

Zizindikiro nazonso zinagawidwa. William Lilly, Mngelezi amene anasindikiza buku lake la Christian Astrology mu 1647, anatsatira mwambo wakuti zizindikiro zitatu za madzi, Nkhanu, Chinkhanira ndi Nsomba, n'zobereka, pamene Mapasa, Mkango ndi Namwali n'zouma. Munthu akabwera kudzafunsa ngati mkazi ali ndi pakati kapena ngati banja lidzakhala ndi ana, wopenda nyenyezi wa nthawi imeneyo ankaona chizindikiro chimene chili pa khomo la nyumba yachisanu, pulaneti yolamulira chizindikirocho, kumene kuli mwezi, ndiponso ngati Jupita kapena Venasi akuona nyumbayo, ndipo ankawerenga maumboni ovomereza ndi otsutsa ngati woweruza amene safuna kugamula mlandu pa mboni imodzi. Chochititsa chidwi n'chakuti mabuku ambiri a masiku ano amaphunzitsa kuti nyumba yachisanu ndi yofanana ndi Mkango chifukwa Mkango ndi chizindikiro chachisanu, chonsecho mwambo wakale unaika Mkango pakati pa zizindikiro zouma ndi dzuwa, mwini wa Mkango, pakati pa osapereka ana. Kufananiza nyumba ndi chizindikiro cha nambala yomweyo kunakula kwambiri m'zaka za m'ma 1900, ndipo openda nyenyezi amene anabwerera ku mabuku akale amakukana.

Tiyenera kukumbukiranso dziko limene malamulowa analembedwamo. M'nthawi ya Firmicus ndi ya Lilly ana ambiri ankamwalira ali aang'ono, munthu analibe njira zodalirika zolerera, ndipo funso la ana linali la choloŵa ndi la amene adzakusamale ukakalamba. Lero chiwerengero cha ana chimatengera zosankha za munthu, thanzi lake, chuma ndi chithandizo cha kuchipatala, ndipo n'chifukwa chake openda nyenyezi ambiri amakono safuna kulosera chiwerengero. Iwo amawerenga nyumbayi monga chithunzi cha mmene munthu amakhalira ndi ana, kaya ndi ake, olera kapena ophunzitsa. Kwa munthu amene akuvutika kutenga pakati nkhaniyi ndi yopweteka, ndipo nkofunika kunena mosabisa kuti kusabereka kuli ndi zifukwa za m'thupi zimene madokotala amatha kuyeza mwa mwamuna ndi mwa mkazi, ndipo kuyeza kumeneko sikudalira zimene tchati chanena.

Za nyumba yopanda pulaneti, masamu okha amachotsa mantha. Tchati chamakono chili ndi zinthu zakumwamba 10 zoti zigawidwe m'nyumba 12, kotero nyumba ziwiri kapena kuposerapo zimakhala zopanda kanthu pa tchati cha munthu aliyense, ndipo kawirikawiri zimaposa pamenepo chifukwa Mekyuli satalikirana ndi dzuwa kuposa madigiri 28 ndipo Venasi sapitirira madigiri 48. Palibe mwambo wodziwika wa kupenda nyenyezi umene umaphunzitsa kuti nyumba yachisanu yopanda pulaneti ndiye kuti munthu sadzabereka. Onse amati zikatero uyang'ane kumene kuli mwini nyumbayo, kutanthauza pulaneti yolamulira chizindikiro chimene chili pa khomo lake.

Masewera ndi chibwenzi

Pofika nthawi ya Lilly, nyumbayi inali itatenga maphwando, malo omwera, zisudzo, ndiponso amithenga ndi akazembe. Mabuku apambuyo pake anawonjezapo masewera olimbitsa thupi, tchuthi ndi juga. Chimene chikugwirizanitsa zonsezi ndi kuchita chinthu chifukwa chakuti chikukoma, osati chifukwa chakuti ndi udindo. Juga inalowa chifukwa ndi masewera oyesa mwayi, ndipo openda nyenyezi amaisiyanitsa ndi ndalama za malipiro, zimene amaziika m'nyumba yachiwiri.

Chibwenzi chimafuna kufotokoza pang'ono, chifukwa anthu amasokoneza nyumba yachisanu ndi ya nambala 7. Ya nambala 7, imene yayang'anizana ndi chotulukira, ndi ya ukwati, ya mnzako wa pa bizinesi, ndiponso ya mdani woonekera, kutanthauza munthu aliyense amene waima nawe maso ndi maso pa pangano kapena pa mkangano. Yachisanu ndi ya kukopeka, kufunsirana, kuyenderana ndi kugunda kwa mtima kwa masiku oyamba. Kusiyana kwake kuli ngati kwa nyumba imene ukuyendera chifukwa yakusangalatsa ndi nyumba imene wasainira pangano lokhalamo. Wopenda nyenyezi akaona yachisanu yamphamvu koma ya nambala 7 yopanikizika, amanena kuti munthuyo savutika kuyamba chikondi koma amalemedwa pochisandutsa pangano, ndipo zikatembenuka amanena kuti ndi wamanyazi pofunsira koma wokhazikika akalowa m'banja. Openda nyenyezi otsatira mabuku akale ena amaika nkhani zonse za wokondedwa mu ya nambala 7, n'kusiyira yachisanu chisangalalo chokha, motero ngakhale apa mzere wolekanitsa suli pamalo amodzi kwa onse.

Luso: mlendo wofika mochedwa

Masiku ano mawu oyamba amene munthu amamva okhudza nyumba yachisanu ndi luso ndi kudzionetsa mmene ulili, koma tanthauzo limeneli linakula posachedwapa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, Mngelezi Alan Leo, amene anaimbidwa mlandu wolosera zam'tsogolo mu 1914 ndi mu 1917, analimbikitsa kuti kupenda nyenyezi kuzifotokoza khalidwe la munthu m'malo molosera zochitika. Dane Rudhyar, m'buku lake la 1936 la The Astrology of Personality, anapititsa patsogolo njira imeneyi pogwiritsa ntchito maganizo a akatswiri a kaganizidwe ka munthu monga Carl Jung. M'kawerengedwe kameneka mwana wa m'thupi ndi chithunzi chojambulidwa, nyimbo yopekedwa kapena ntchito yoyambitsidwa ndi manja ako zinakhala za mtundu umodzi: chinthu chotuluka mwa iwe, chofanana nawe, chimene pambuyo pake chimakhala ndi moyo wakewake kunja kwa ulamuliro wako.

Kusinthaku kunathandiza kuti nyumbayi ikhale ndi chonena kwa munthu amene alibe ana kapena sakuwafuna. Kunabweretsanso vuto limene otsutsa amalitchula kawirikawiri, lakuti tanthauzo likafutukuka chonchi kumakhala kovuta kupeza munthu amene silingamuyenere, pakuti pafupifupi aliyense ali ndi mwana, kapena chibwenzi, kapena masewera amene amakonda, kapena kanthu kena kamene anapanga.

Tchati chimodzi, kuchiwerenga pang'onopang'ono

Tiyeni titenge tchati chongoyerekezera. Chotulukira chili pa digiri 28 ya Chinkhanira, Venasi ali pa digiri 10 ya Nsomba, Sateni pa digiri 12 ya Woponya Muvi, amene pa tchati amalembedwa kuti Sagittarius, ndipo Jupita ali mu Mkango. Tiyamba ndi njira yakale ya chizindikiro chathunthu, imene pa makompyuta imalembedwa kuti Whole Sign, mmene chizindikiro chonse chokhala ndi chotulukira chimakhala nyumba yoyamba, chotsatira chake yachiwiri, mpaka kumaliza. Tikawerenga kuchokera pa Chinkhanira, nyumba yachisanu ikugwera pa Nsomba.

Wopenda nyenyezi amayamba ndi chizindikirocho. Nsomba ndi chizindikiro cha madzi, chimodzi mwa zobereka zija, ndipo amakono amachigwirizanitsa ndi chifundo, maloto ndi nyimbo. Kenaka amaona amene ali m'nyumbamo, ndipo apa muli Venasi, amene ali ndi mphamvu pawiri: ali m'nyumba imene amakondweramo, komanso Nsomba ndi chizindikiro chimene mwambo umati Venasi amakwezedwamo ngati mlendo wolemekezeka. Pa umboni uwu wokha, wakale akanati ana alipo ndipo adzabweretsa chimwemwe, pamene wamakono anganene kuti munthuyu ali ndi khutu la nyimbo kapena diso la mitundu, amakonda ndi mtima wonse, ndipo amatha kuona wokondedwa wake monga mmene akumufunira osati monga mmene alili.

Chachitatu ndi mwini nyumba. Chizindikiro chilichonse chili ndi pulaneti yochilamulira, ndipo mwambo wakale umapereka Nsomba kwa Jupita, ngakhale amakono ambiri amawonjezapo Neputuni, amene anatulukiridwa mu 1846. Venasi ali ngati wochita lendi, ndipo Jupita ndiye mwini malo. Jupita ali mu Mkango, imene pa tchatichi ndi nyumba ya nambala 10, ya ntchito ndi mbiri ya munthu pagulu, ndipo kawerengedwe kofala ndi kakuti zinthu za nyumba yachisanu zidzatulukira pa ntchito, mwina monga woimba, mphunzitsi wa ana kapena wokonza zosangalatsa. Koma wodziwa lamulo la kuonana lija adzaona kuti Mkango ndi Nsomba zatalikirana madigiri 150, ndiye kuti mwini nyumba sakuiona nyumba yake, monga mwini malo amene anasamukira kutali n'kusiya zonse m'manja mwa wochita lendi. Iye anganene kuti ntchito idzamukokera munthuyu kutali ndi ana kapena ndi luso limene amachita pongosangalala. Umboni umodzi womwewo wabereka ziganizo ziwiri zosiyana, malinga ndi sukulu ya wowerengayo.

Chomaliza ndi ngodya zochokera ku mapulaneti ena. Kuchokera pa digiri 12 ya Woponya Muvi kufika pa digiri 10 ya Nsomba pali madigiri 88, amene akungoperewera awiri kuti akwane 90, ngodya imene imawerengedwa kuti ndi ya kukhulana. Sateni amaimira kuchedwa, malire, mantha ndi udindo, ndipo ali m'nyumba yachiwiri ya ndalama. Wowerenga wosamala sanganene kuti Sateni wafafaniza zonse zimene Venasi analonjeza. Anganene kuti chikondi, ana kapena luso zidzabwera mochedwerapo kapena zidzapanikizidwa ndi nkhawa ya ndalama, ndipo amakono amawonjeza kuti kukhulana kotereku kumatha kusandutsa luso lamaloto kukhala ntchito yophunziridwa moleza mtima.

Tsopano tisinthe chinthu chimodzi chokha, njira yogawira nyumba. M'njira ya nyumba zofanana, imene imalembedwa kuti Equal, nyumba iliyonse imayamba pa digiri ya chotulukira, kotero yachisanu ikuyamba pa digiri 28 ya Nsomba n'kukathera pa digiri 28 ya Nkhosa. Venasi wa pa digiri 10 uja watsala kumbuyo, m'nyumba yachinayi ya makolo ndi pakhomo, ndipo umboni wamphamvu koposa wa kawerengedwe kathu wachoka ngakhale kumwamba sikunasinthe chilichonse. Njira ya Placidus, imene mapulogalamu ambiri amaika poyamba ndipo inatenga dzina la mmonke wa ku Italy wa m'zaka za m'ma 1600, imagawa nthawi imene digiri imatenga poyenda kumwamba, motero nyumba zake zimakhala zosafanana kukula, ndipo kupitirira madigiri pafupifupi 66 kumpoto kapena kumwera kwa dziko imalephera kuwerengera ma digiri ena. Palinso njira za Regiomontanus, imene Lilly ankagwiritsa ntchito, Porphyry ndi Koch. Munthu akaona matchati awiri ake akutsutsana pa nyumba yachisanu, chinthu choyamba kufufuza ndi dzina la njira yolembedwa m'mphepete mwa tchaticho.

Chachiwiri kufufuza ndi ola lobadwa. Chotulukira chimasuntha pafupifupi digiri imodzi pa mphindi zinayi zilizonse. Ngati munthu wathuyu anabadwa mphindi 20 pambuyo pa nthawi imene inalembedwa, chotulukira chalowa kale mu Woponya Muvi, nyumba yachisanu m'njira ya chizindikiro chathunthu yakhala Nkhosa, mwini wake wakhala Mazi, ndipo nkhani ya nyimbo ndi chifundo yasanduka ya mpikisano, masewera amphamvu ndi chikondi chofulumira. Nthawi zambiri ola lobadwa limakumbukiridwa mongoyerekezera kapena limalembedwa mozungulitsa ku theka la ola, ndipo chotulukira chikakhala pafupi ndi mapeto kapena chiyambi cha chizindikiro, wowerenga woona mtima amayenera kumuuza munthuyo kuti nyumba zake n'zokayikitsa.

Zimene kuyesa kwasonyeza

Asayansi a zakuthambo amavomereza masamu a tchati, kutanthauza kumene mapulaneti anali, koma sapeza njira yodziwika imene malo amenewo angakhudzire luso kapena kubereka kwa munthu. Kuyesa kodziwika kwambiri ndi kwa Shawn Carlson, kumene kunasindikizidwa m'magazini ya Nature mu 1985. Openda nyenyezi anapatsidwa tchati cha munthu pamodzi ndi malipoti atatu a khalidwe kuti asankhe la mwini tchatiyo, ndipo analondola pafupifupi kamodzi pa katatu, monga mmene munthu wongolota angachitire. Kale mu 1948, katswiri wa kaganizidwe Bertram Forer anapatsa ophunzira ake onse lipoti limodzimodzi la khalidwe, aliyense akuganiza kuti ndi lake yekha, ndipo iwo analipatsa pafupifupi 4.3 pa 5 pa kulondola. Otsutsa amati izi zikufotokoza chifukwa chimene mawu onga akuti uli ndi luso limene sunaligwiritse ntchito mokwanira amamvekera oona kwa aliyense.

Openda nyenyezi amayankha m'njira ziwiri. Ena amati kuyesa kwa Carlson kunali ndi zofooka pa kakonzedwe kake ndi pa mafunso a khalidwe amene anagwiritsidwa ntchito. Ena amati tchati si chida cholosera ayi koma chinenero cha mafanizo chothandiza munthu kusinkhasinkha za moyo wake, ndipo phindu lake liyenera kuyezedwa monga mmene timayezera phindu la fanizo kapena mwambi. Yankho lachiwirili limapewa kutsutsidwa ndi ziwerengero, koma limasiyanso zambiri zimene Firmicus ndi Lilly ankanena kuti angathe kudziwa.

Mafunso amene akadali poyera

Pakati pa openda nyenyezi eni ake sipanapezeke mgwirizano pa njira yogawira nyumba, ndipo monga taonera, funso limeneli lingachotse pulaneti m'nyumba yachisanu kapena kuilowetsamo. Sanagwirizanenso pa zodiyaki yeniyeni, pakuti a kumayiko a Azungu ambiri amayambira pa malo amene dzuwa limakhala usana ndi usiku zikafanana mu Malichi, pamene Amwenye amayambira pa nyenyezi zenizeni, ndipo lero njira ziwirizi zasiyana madigiri pafupifupi 24, okwanira kusintha chizindikiro cha nyumba yachisanu pa matchati ambiri. Ngati mwambo umodzi ukuti nyumbayo ndi yobereka ndipo wina ukuti ndi youma, kodi pali chimene chingagamule pakati pawo?

Palinso funso la ana eni ake. Mwana ali ndi makolo awiri, aliyense ndi tchati chake, ndipo pamene nyumba yachisanu ya mayi ikulonjeza koma ya bambo ikukana, mabuku sanena chimodzi pa amene ayenera kumveredwa. Mwana wolera, mwana wopeza ndi mwana wobadwa mothandizidwa ndi madokotala amaikidwa m'nyumba zosiyana ndi olemba osiyana, ndipo ena amaika mwana wopeza mu ya nambala 11 chifukwa ndiyo yachisanu ukawerenga kuchokera ku nyumba ya mwamuna kapena mkazi wako. Mapasa obadwa motalikirana mphindi zochepa amakhala ndi matchati ofanana pafupifupi m'zonse, chonsecho wina amatha kukhala ndi ana asanu wina wopanda, ndipo funso limeneli linafunsidwa kale ndi olemba akale a Chilatini, Cicero ndi Augustine.

Ndipo ngati nyumbayi ikunena za ana, chibwenzi, masewera ndi luso nthawi imodzi, kodi wowerenga angadziwe bwanji pasadakhale kuti Venasi wa mu Nsomba uja adzaonekera monga mwana, monga nyimbo, kapena monga chikondi chimene sichinafike pa ukwati? Otsatira mabuku akale amati malamulo awo, akawatsata onse, amatha kusiyanitsa. Amakono ambiri amati tchati chimangosonyeza mtundu wa mphamvu, ndipo munthuyo ndi amene amasankha kumene idzatulukire. Otsutsa amati kusiyanitsako kumachitika pambuyo, wowerengayo atamva kale mbiri ya moyo wa munthuyo.